Peresenti ya Chiyani? Mmene Ndalama za Penshoni Amaziwerengera pa Besiki

Anthu awiri amagwira ntchito pakampani imodzi. Pakutha pa mwezi, aliyense amaona K600,000 pamzere wa malipiro onse pamodzi, asanadule kalikonse. Onse ali pa penshoni imodzi, ndipo onse anauzidwa mawu amodzimodzi tsiku lomwe ankasaina kontilakiti: inu muzipereka 5 peresenti, kampani izipereka 10 peresenti. Koma m'thumba la penshoni la mmodzi mumalowa K60,000 pamwezi, pamene mwa mnzakeyo mumalowa K82,500. Palibe wabedwa, ndipo a ku akaunti sanaphonye masamu. Nkhani yagona pa funso limene anthu ambiri safunsa polandira kalata ya ntchito: peresentiyo ndi ya ndalama ziti?

Ku Malawi, lamulo lokakamiza penshoni linayamba kugwira ntchito mu Juni 2011, ndipo mu 2023 linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano. Manambala ake awiri anthu anawaloweza pamtima. Olemba ntchito amapereka ndalama zosachepera 10 peresenti, wogwira ntchito zosachepera 5 peresenti, zonse pamodzi 15 peresenti. Amene amayang'anira kuti izi zikutsatidwa ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, pa udindo wake wina woyang'anira mabungwe a zachuma. Ndalamazo sizikhala kwa abwana. Zimapita ku makampani osunga penshoni monga Old Mutual kapena NICO, kumene munthu aliyense amakhala ndi akaunti yakeyake.

Manambala awiriwo ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo lili pa peyisilipi, kapepala kaja kamene ambiri amangoona mzere wapansi n'kukapinda.

Peyisilipi imakhala ndi ndalama za mitundu itatu zimene anthu amazisokoneza. Pamwamba pamakhala besiki, malipiro enieni a ntchitoyo, amene sasintha kaya mwezi wavuta kaya wayenda bwino. Kenako pamabwera zowonjezera: alawansi ya nyumba, ya thiransipoti, ya foni, ovataimu, komishoni, nthawi zina bonasi. Besiki ndi zowonjezerazo zikaphatikizidwa zimapanga malipiro onse. Pansi penipeni, atachotsa msonkho, penshoni, ngongole ya ku SACCO ndi zina, pamatsala ndalama yolowa ku banki, imene munthu amati ndiye salale yake. Malo ambiri a ntchito amawerengera penshoni pa ndalama yoyamba ija, besiki, ndipo zina zonse saziyang'ana n'komwe.

Masamu ake pa peyisilipi imodzi

Tiyerekeze kuti mmodzi mwa anthu awiri aja ndi mayi woyang'anira nyumba yosungiramo katundu pakampani ina ku Kanengo. Besiki yake ndi K400,000. Amalandiranso K120,000 ya nyumba ndi K50,000 ya thiransipoti, ndipo mwezi uno wagwira ovataimu ya K30,000 chifukwa magalimoto a katundu anafika Loweruka. Zonse pamodzi ndi K600,000.

Gawo lake la penshoni ndi 5 peresenti ya K400,000. Njira yachidule n'kugawa K400,000 ndi 100, zomwe zikupereka K4,000, kenako kuchulukitsa ndi 5. Yankho ndi K20,000, ndipo iyi ndi imene imaoneka pa peyisilipi ngati ndalama yodulidwa. Gawo la kampani ndi 10 peresenti ya K400,000 yomweyo, ndiye kuti K40,000. Ndalama iyi sichoka pa malipiro a mayiyu. Imachoka m'thumba la kampani, pamwamba pa K600,000 ija, kotero kuti kwa abwana mayiyu mwezi umenewo wawadyera K640,000. Ku akaunti yake ya penshoni kuyenera kupita K60,000.

Peresenti yomweyo ikanawerengedwa pa malipiro onse, mayiyu akanadulidwa K30,000, kampani ikanaika K60,000, ndipo ku penshoni kukanapita K90,000. Kusiyana kwake ndi K30,000 pamwezi.

Koma K30,000 imeneyi siyofanana yonse, ndipo apa ndi pamene ogwira ntchito ambiri amasangalala ndi chinthu chimene chikuwapweteka. K10,000 ndi ndalama ya mayiyu yemwe, imene m'malo mopita ku penshoni yatsala m'manja mwake. Imeneyi sanataye, agulira magetsi kapena ndiwo. K20,000 yotsalayo ndi ya kampani, ndipo siinapite kwa iye mwanjira iliyonse, kaya lero kaya akadzapuma. Munthu akamanena kuti kwathu kuli bwino chifukwa amadula pang'ono, amakhala akuona K10,000 yokhayo. Pa kwacha iliyonse imene wapulumutsa, makwacha awiri a abwana amupita.

Tsopano mnzake uja. Iye analembedwa ntchito nthawi ina, pa kontilakiti ya mtundu wina: besiki K550,000, alawansi ya thiransipoti K50,000, basi. Gawo lake ndi K27,500, la kampani ndi K55,000, pamodzi K82,500. Amaposa mayi wa ku Kanengo ndi K22,500 mwezi uliwonse. Malipiro atati asasinthe kwa zaka 20, ndiye kuti miyezi 240, kusiyanako kungafike K5,400,000, tisanaikepo phindu limene ndalama za penshoni zimabereka zikaikidwa m'masheya, m'nyumba zobwereketsa ndi m'ngongole za boma. Kunena zoona malipiro amakwera, ndiye mpatawo umakula kuposa pamenepa, chifukwa ndalama imene sinalowe m'chaka choyamba sibereka kanthu m'zaka 19 zotsatirazo.

Pali njira ina yoonera nkhani yomweyi imene imatsegula maso. Mayi uja amauzidwa kuti akusunga 15 peresenti. Koma K60,000 pa K600,000 ndi 10 peresenti chabe ya ndalama zimene amakhalira moyo. Akadzapuma, lendi ndi thiransipoti sizidzatha chifukwa choti pa peyisilipi zinali pamzere wina. Adzafunika kulowetsa m'malo mwa K600,000 yonse ndi ndalama imene inasonkhanitsidwa pa K400,000.

Amene zimawakhudza kwambiri ndi ogulitsa malonda olipidwa komishoni, madalaivala a maulendo ataliatali amene ndalama yawo yambiri ndi ya maulendo, ndi alonda odalira ovataimu. Wogulitsa malonda wa besiki ya K150,000 amene komishoni yake imafika K450,000 nayenso amapeza K600,000, koma ku penshoni kwake kumapita K22,500 yokha. Imeneyi siikwana ngakhale 4 peresenti ya zomwe amapeza.

N'chifukwa chiyani besiki?

Si nkhanza zokhazokha ayi. Besiki ndi ndalama yodziwika chaka chisanayambe, ndiye kampani imatha kukonza bajeti yake. Ovataimu imakwera ndi kutsika. Pafakitale ya fodya kapena ya shuga, mwezi wa sizoni sufanana ndi mwezi wa dzinja. Alawansi zina si malipiro n'komwe koma kubweza ndalama zimene munthu wawononga pa ntchito, monga ya malo ogona ndi chakudya akatumidwa ku Mzuzu. Kudulapo penshoni pa ndalama yotere kungakhale kumulanda munthu ndalama yomwe walipira kale ku malo ogona alendo.

Komabe n'zoonanso kuti dongosololi limapatsa olemba ntchito chifukwa chokondera alawansi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ogwira ntchito m'malo ambiri anayamba kupempha kuti malipiro akwere. Bwana wofuna kuwonjezera munthu K50,000 pa nthawi ngati imeneyo amakhala ndi njira ziwiri. Akaiika pa besiki, imamudyera K55,000, chifukwa 10 peresenti ya penshoni imakwera nayo limodzi. Akaitcha alawansi ya kukwera mitengo kwa zinthu, imamudyera K50,000 yokha. Pa antchito 200, kusiyanako ndi K1,000,000 mwezi uliwonse. Wogwira ntchito nayenso sadandaula, poti pa alawansiyo sadulapo K2,500 ya penshoni. Onse amatuluka m'chipinda cha zokambirana akumwetulira, ndipo amene waluza ndi nkhalamba imene wogwira ntchitoyo adzakhale zaka 25 zikubwerazo, yomwe pa zokambiranazo panalibe.

Pali malire ake. Lamulo silinasiyire abwana ufulu wosankha nambala iliyonse yomwe afuna n'kuitcha maziko a penshoni. Limanena za malipiro otsimikizika a wogwira ntchito, ndipo limasiya kunja zinthu monga nyumba kapena galimoto imene olemba ntchito apereka. Ovataimu ya Loweruka lija si yotsimikizika. Mwezi wamawa mwina sikhalapo. Koma alawansi imene imabwera mwezi uliwonse, yofanana, yolembedwa mu kontilakiti, yosadalira kuti munthu wayenda ulendo kapena ayi, ndi yovuta kuisiyanitsa ndi besiki kupatula dzina lokha. Kampani imene yadula malipiro a munthu pakati, theka n'kulitcha besiki, theka linalo n'kuligawa m'maalawansi asanu, ikupereka kwa antchito ake chifukwa chomveka chofunsira. Yankho liyenera kupezeka polemba, mu kontilakiti ndi m'malamulo a thumba la penshonilo, pamene pafotokozedwa kuti malipiro owerengerapo penshoni ndi ati. Yankho la pakamwa loti timatero kuyambira kale si lokwanira.

Nambala yomweyi ili ndi ntchito inanso imene ambiri saidziwa mpaka pagwe zovuta. Lamulo limafuna kuti olemba ntchito agulire wantchito aliyense inshulansi ya moyo, yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi owerengerapo penshoni. Ngati malipirowo ndi besiki, banja la mayi wa ku Kanengo lingalandire K400,000 kuchulukitsa ndi 12, ndiye kuti K4,800,000, osati K7,200,000 imene amapeza pachaka. Kwa wogulitsa malonda uja ingakhale K1,800,000.

Kumene masamu amasokonekera

Kuchulukitsa ndi 5 kapena 10 sikuvuta. Zolakwika zambiri zimachokera pa kutenga nambala yolakwika. M'makampani ang'onoang'ono malipiro amawerengedwa pa Excel, ndipo ngati besiki ili mu B, mizere iwiri ya penshoni imaoneka chonchi:

```
=ROUND(B2*0.05,2)
=ROUND(B2*0.10,2)
```

Kalaliki watsopano akalozetsa fomulayo ku bokosi la malipiro onse, aliyense amadulidwa mopitirira, ndipo zimenezi zimadziwika tsiku lomwelo chifukwa anthu amabwera ku ofesi akufuula. Cholakwika choopsa ndi chimene chimapita mbali inayo, chifukwa palibe amene amadandaula akadulidwa pang'ono. Pali ena amene amawerengera 5 peresenti pa ndalama yotsala atachotsa msonkho. Uku n'kulakwa: peresenti ya penshoni imatengedwa pa besiki yathunthu, msonkho usanachoke. Palinso olemba nambala ndi manja m'malo mwa fomula, kotero kuti besiki ikakwera, K20,000 ija imangokhala pomwepo chaka ndi chaka.

Malo ena amene ndalama zimatayikira ndi maariyasi. Tinene kuti besiki ya mayi uja yakwera kuchoka pa K400,000 kufika pa K440,000 kuyambira mu Januwale, koma kalata yatuluka mochedwa ndipo ndalamayo yayamba kuoneka mu Epulo. Kampani imubwezera K40,000 ya miyezi itatu, K120,000. Ndalama imeneyi ndi besiki, ngakhale yabwera mochedwa komanso pamzere wakewake. Iyenera kudulidwa K6,000, ndipo kampani iyenera kuikapo K12,000. Koma chifukwa kompyuta imangoyang'ana mzere wa besiki, mzere wa maariyasi umadutsa osakhudzidwa, ndipo K18,000 siifika ku penshoni. Mayiyo amangoona kuti maariyasi abwera onona.

Mwezi wosakwanira ndi wosavuta. Munthu wa besiki ya K400,000 amene wayamba ntchito pakati pa mwezi n'kulipidwa theka, K200,000, amadulidwa K10,000 ndipo kampani imaika K20,000. Peresenti imatsata besiki imene yalipidwadi mwezi umenewo.

Ndiye pali kalembedwe kena ka makontilakiti, kofala m'mabungwe ndi m'makampani akuluakulu, kopatsa munthu nambala imodzi yaikulu n'kunena kuti zonse zili momwemo, kuphatikizapo gawo la kampani la penshoni. Munthu akauzidwa kuti phukusi lake ndi K660,000 ndipo mulibe alawansi iliyonse, besiki yake siipezeka pochotsa 10 peresenti pa K660,000. Kutero kumapereka K594,000, yomwe ndi yolakwika, chifukwa 10 peresentiyo ndi ya besiki, osati ya phukusi. Njira yake n'kugawa K660,000 ndi 1.10. Besiki ndi K600,000, gawo la kampani ndi K60,000, ndipo ziwirizi zikaphatikizidwa zimabwerera pa K660,000 ndendende. Pa K600,000 ija ndi pamene padzachoke K30,000 ya wogwira ntchito. Amene anasiya ntchito yakale atamva K660,000, poganiza kuti ndi malipiro, amadzidzimuka ndi peyisilipi yoyamba.

Choipitsitsa, chomwe si cholakwika cha masamu koma kuphwanya lamulo, ndi bwana amene amadula 15 peresenti yonse pa malipiro a wantchito n'kumanena kuti kampani ikupereka penshoni. Pa besiki ya K400,000, mzere wa penshoni ukaonetsa K60,000 kumbali ya zodulidwa, ndiye kuti munthuyo akulipira gawo lake ndi la abwana lomwe.

Mmene amachitira kwina

Anthu a ku Chipata ndi ku Lusaka amazolowera dongosolo lina. Ku Zambia, NAPSA imatenga 5 peresenti kwa wogwira ntchito ndi 5 peresenti kwa olemba ntchito, ndipo imawerengera pa malipiro onse, mpaka pa malire ena amene amasinthidwa chaka ndi chaka. Munthu akangomva manambala angati Malawi ili patsogolo kwambiri, 15 kuyerekeza ndi 10. Koma peyisilipi ya mayi wa ku Kanengo yaonetsa kale kuti 15 peresenti ya besiki yake ndi 10 peresenti ya malipiro ake onse. Manambala awiri osiyana, ndalama yofanana.

Dziko limene linaiganizira nkhaniyi mpaka kuilemba mwatsatanetsatane ndi Britain, kumene Amalawi ambiri akugwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ntchito yodzaza ndi mashifiti owonjezera. Kumeneko, kuyambira mu Epulo 2019, njira yodziwika kwambiri ndi ya 8 peresenti, ndipo zosachepera 3 peresenti mwa izo zichokere kwa olemba ntchito. Imawerengedwa pa malipiro onse, ovataimu ndi bonasi zomwe, koma pa chigawo chapakati chokha: m'chaka cha msonkho cha 2024/25 chinali kuyambira £6,240 mpaka £50,270 pachaka.

Bwana wa ku Britain amaloledwa kusankha kuwerengera pa besiki, koma lamulo limamulipiritsa pa chisankho chimenecho. Akasankha besiki, peresenti imakwera kufika pa 9, ndipo gawo lake limakwera kufika pa 4. Angakhalebe pa 8 peresenti pokhapokha ngati malipiro owerengerapo penshoni akukwana 85 peresenti ya malipiro onse a antchito akewo akaphatikizidwa. Akasankha kuwerengera pa ndalama iliyonse kuyambira paundi yoyamba, peresenti imatsika kufika pa 7. Maganizo ake ndi oonekeratu: maziko akachepa, peresenti ikwere. Peyisilipi ya ku Kanengo ija, imene besiki yake ndi magawo awiri mwa atatu a malipiro onse, ili kutali ndi 85 peresenti.

Chochititsa chidwi n'chakuti besiki siiluza nthawi zonse. Wosamalira okalamba wa besiki ya £2,000 pamwezi amene wagwira ovataimu ya £500 amapeza £180 ku penshoni pa njira ya besiki, £100 yake ndi £80 ya abwana. Pa njira yodziwika ija, amayamba achotsa £520 ya pamwezi pa £2,500, kutsala £1,980, ndipo 8 peresenti yake ndi £158.40. Apa besiki yapambana. Koma mwezi umene ovataimu yafika £1,000, njira ya besiki imakhalabe pa £180 pamene inayo imakwera kufika £198.40. Amene amakhalira mashifiti ausiku ndi a Lamlungu ndiye amene njira ya besiki imamutsalitsa.

Phunziro lomweli limagwira ntchito poyerekeza makalata awiri a ntchito ku Blantyre. Kampani yopereka 15 peresenti pa besiki ya K400,000 ikuika K60,000, chimodzimodzi ndi yopereka 10 peresenti pa malipiro onse a K600,000. Kampani yodzitama kuti imapereka 12 peresenti, kuposa zimene lamulo limafuna, koma pa besiki ya K300,000, ikuika K36,000, kuchepera kampani ya ku Kanengo imene imangopereka 10 peresenti yake. Choyenera kuyerekeza ndi makwacha olowa mu akaunti pamwezi.

Kudziwerengera wekha

Munthu safunika kupempha chilolezo kwa a ku akaunti kuti adziwe maziko a penshoni yake. Ngati gawo lake ndi 5 peresenti, angotenga ndalama yodulidwa pa peyisilipi n'kuichulukitsa ndi 20. Yankho lake ndi ndalama imene kampani ikuwerengerapo. K20,000 kuchulukitsa ndi 20 ndi K400,000, ndiye kuti akuwerengera pa besiki. Yankho likafanana ndi malipiro onse, ndiye kuti akuwerengera pa zonse. Likagwera pakati, pali alawansi ina imene ikuwerengedwa ndi ina imene ikusiyidwa, ndipo kuchotsera pang'ono kumaonetsa kuti ndi iti. Likachepera besiki, pali vuto: mwina akugwiritsabe ntchito besiki yakale, mwina akuwerengera pa ndalama yotsala atadula msonkho.

Kuyesa kwina n'kuika pamodzi mapeyisilipi a miyezi iwiri, wina wa ovataimu yambiri ndi wina wopanda. Pa dongosolo la besiki, mzere wa penshoni susuntha. Uyenera kusuntha mwezi umene besiki yakwera, ndipo ukapanda kutero ndiye kuti wina waiwala kusintha nambala.

Peyisilipi imangonena zimene zadulidwa. Siinena ngati ndalamazo zafika kumene zikupita. Lamulo limapatsa olemba ntchito masiku 14 mwezi ukatha kuti atumize magawo onse awiri, ndipo Reserve Bank yakhala ikudandaula poyera, chaka ndi chaka, za olemba ntchito amene amadula antchito awo koma osatumiza. Umboni weniweni ndi sitetimenti yochokera ku kampani yosunga penshoni, imene membala aliyense ali ndi ufulu woipempha. Kwa mayi wa ku Kanengo, chaka chathunthu pa besiki ya K400,000 chiyenera kuonetsa K240,000 kumbali yake ndi K480,000 kumbali ya kampani, pamodzi K720,000. Ndalama zolipirira kayendetsedwe ka thumbalo ndi phindu la chakacho ndi nkhani ina, ndipo siziyenera kusokonezedwa ndi zopereka. Pamene kampani ikupereka 10 ndipo wantchito 5, mbali ya kampani iyenera kukhala kuwirikiza kawiri mbali ya wantchito mwezi uliwonse. Mwezi wosowa pa sitetimenti, kapena miyezi inayi yolowa tsiku limodzi, ndi chizindikiro choti ndalama zimachedwa kwa abwana, ndipo nthawi yonse imene zachedwayo sizinabereke kanthu.

Pakapezeka kusiyana, poyambira ndi ku ofesi yoona za antchito, ndi kalata yolembedwa osati mawu a m'khonde. Kalatayo itchule mwezi, besiki ya mweziwo, ndalama imene inayenera kupita ndi imene yaoneka pa sitetimenti. Zikakanika pamenepo, nkhani imapita kwa matrasti a thumba la penshonilo kapena ku kampani yosunga penshoni, ndipo pomaliza ku Reserve Bank. Konseko adzafuna mapepala atatu: kontilakiti, mapeyisilipi a miyezi yomwe ikudandaulidwa, ndi sitetimenti. Kumene kuli bungwe la apantchito, nkhani ya maalawansi okhazikika imayenda bwino ikalowa pa zokambirana za malipiro a chaka, pamene nthumwi zingapemphe kuti K120,000 ya nyumba ija ilowetsedwe mu besiki. Kwa mayi wa ku Kanengo zimenezo zingachepetse ndalama ya m'manja ndi K6,000 pamwezi, ndipo ku penshoni kwake kungayambe kupita K78,000 m'malo mwa K60,000.